Cholembera chizikhala pomwe pali pakamwa: kukonza kanema wa phunziro la mvula ya m'phiri

Makanema aja oonetsa dzanja likujambula pa bolodi loyera, munthu akulankhula kuseri, amaoneka ngati amafuna luso lalikulu la zojambulajambula. Luso limathandiza, koma makanema ambiri otere salephera chifukwa cha zithunzi zosakongola. Amalephera chifukwa dzanja lili kwina, mawu ali kwina. Mphunzitsi akunena za mitambo pomwe cholembera chidakali kukongoletsa nsonga ya phiri, ndiye mwana sadziwa kuti atsate khutu kapena diso. Ntchito yonse, kuyambira pa kulemba mawu mpaka pa kudula kanema, ndi yofuna chinthu chimodzi: chimene pakamwa pakutchula, cholembera chizikhala chili pomwepo.

Kuti nkhani isayandame, titenge phunziro limodzi n'kuyenda nalo. Phunziro lake ndi lakwathu kuno: n'chifukwa chiyani mbali ya kummwera kwa phiri la Mulanje, kumene kuli minda ya tiyi ndi mitsinje ya Ruo ndi Lichenya, kumagwa mvula yambiri, pamene kuchigwa cha Phalombe, kuseri kwa phiri lomwelo, kumakhala kouma? Mwana aliyense wa kuno ndi wa ku Thyolo amachidziwa chiperoni, kamvula kowaza kozizira kaja ka m'miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti, kobwera ndi mphepo yochokera kummwera chakummawa, ku Mozambiki. Chimene sachidziwa ndi zimene zimachitika mu mpweya kuti kamvulako kagwe mbali imodzi. Phunziro lotere ndi loyenera kanema wojambula chifukwa lili ndi ndondomeko: ichi chimabala ichi, ichonso chimabala icho. Phunziro longoloweza mayina, monga la maboma a m'chigawo cha kummwera, silifuna kanema. Tchati chokhoma pakhoma chimakwana.

Choyamba si kujambula ayi, koma kulemba chiganizo chimodzi chimene mwana adzathe kunena yekha kanema akatha. Chathu ndi ichi: mphepo yachinyontho ikakwera phiri imazizira n'kugwetsa mvula, ndipo ikamatsikira kuseri imakhala itauma. Chilichonse chosathandiza chiganizo chimenechi chichotsedwe, ngakhale chikhale chokoma bwanji. Mkungudza wa m'phiri, nthano za ku Sapitwa, mbiri ya tiyi, zonsezi ndi za tsiku lina.

Kenako mutenge kope, mulembe mzere wotsika pakati pa tsamba. Kumanzere muzilemba zimene mudzanene, kumanja zimene dzanja lidzajambule nthawi yomweyo. Chiganizo chilichonse chikhale ndi mnzake kumanja. Mukapeza chiganizo chopanda chojambula, mudzifunse ngati chikufunikadi. Mukapeza chojambula chopanda chiganizo, chimenecho ndi chokongoletsa, ndipo chidzaba maso a ana.

Nthawi imawerengedwa pa tsamba lomweli, musanakhudze foni. Malangizo ambiri a pa intaneti amauza munthu kuti awerenge mawu angapo pa mphindi, koma chiwerengero chawocho ndi cha Chingerezi, chimene mawu ake ndi aafupi. Kwa ife, "itanyamula" ndi liwu limodzi koma limadya nthawi ya mawu atatu kapena anayi aafupi. Njira yodalirika ndi kuwerenga maphatikizo, ndipo m'Chichewa n'zosavuta: muwerenge malembo a liwu, a, e, i, o, u, n'kuonjezapo m woima yekha uja wa mu "mtambo". Liwiro lanu mulipeze nokha. Werengani ndime mokweza kwa masekondi 30 monga mmene mumalankhulira m'kalasi, muwerenge maphatikizo amene mwatchula, mugawe ndi 30. Tiyerekeze kuti mwapeza 4 pa sekondi. Ngati mukufuna kanema wa mphindi 4, amenewo ndi masekondi 240, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi mulisiyire kukhala chete, pazifukwa zimene tiziona kutsogoloku. Otsala ndi masekondi 180, kutanthauza maphatikizo 720, mawu oyandikira 200. Mphunzitsi aliyense akaona chiwerengerochi koyamba amadandaula kuti n'chochepa. N'chochepadi, ndipo n'chimene chimakakamiza munthu kusankha. Mphindi 4 sitinangozitola: kafukufuku wa Philip Guo ndi anzake wa mu 2014, pa makanema a maphunziro a pa tsamba la pa intaneti la edX, anapeza kuti chidwi cha oonera chimatsika kwambiri kanema akapitirira mphindi 6, ndipo amenewo anali akuluakulu oonera mwa kufuna kwawo.

Tsopano tiyende ndi tsamba lathu. Chiganizo choyamba cha phunziro lenileni n'chakuti: "Mphepo yochokera kunyanja imabwera itanyamula chinyontho." Maphatikizo ake ndi 21, masekondi 5 ndi pang'ono. M'masekondi amenewo dzanja lijambule mizere itatu yokhotakhota ya nyanja ya mchere ya Indiya, kenako muvi wautali wochoka pamenepo. Basi. Sitima ya pamadzi ndi nsomba zisakhalepo.

Pano pali chisankho chimene ambiri sachiganizira: nyanja iikidwe mbali iti ya pepala? Pa mapu kummawa kumakhala kumanja, ndiye mtima umafuna kuika nyanja kumanja. Koma munthu wolemba ndi dzanja lamanja akamajambula kuchokera kumanja kupita kumanzere, mkono wake umaphimba zimene wangojambula kumene, ndipo ana amaona chigongono m'malo mwa muvi. Choncho nyanja ikhale kumanzere, phiri pakati, Phalombe kumanja, nkhani iziyenda mmene maso amayendera powerenga. Chithunzichi si mapu, ndi phiri loonedwa chammbali ngati lodulidwa pakati. Komabe mwana wa ku Luchenza akayang'ana phiri amaona mbali ya tiyi kumanja kwake, motero akhoza kusokonezeka. Mankhwala ake ndi kulemba mayina a malo m'munsi mwa chithunzi msangamsanga: "Muloza" kumanzere, mbali ya tiyi, "Phalombe" kumanja. Mphunzitsi wamanzere atha kutembenuza zonsezi, bola mkono usabise nkhani.

Chiganizo chachiwiri: "Ikafika paphiri, ilibe kolowera, ndiye imakwera." Maphatikizo 20, masekondi 5. Phiri lijambulidwe ndi mzere umodzi wosadukiza pamene mukunena kuti "paphiri", osati kale, osatinso pambuyo pake. Pa "imakwera" muvi ukhotere m'mwamba motsata mtsetse. Dongosolo la mizere ndiye phunziro lenilenilo. Mukayamba ndi phiri lokhala kale ndi mtambo pamutu, mwaulula mathero, ndipo mwana aganiza kuti mtambo unalipo n'kale, mphepo yangoupeza.

Gawo lachitatu ndi limene lili ndi nkhani, ndipo ndi loyenera kulipatsa theka la kanema yense. Ana ambiri, ngakhale ena a Fomu 1, amaganiza kuti mtambo umabwera wathunthu, umagunda phiri, n'kuphulika. Ena amati phiri ndi lozizira ndiye limaziziritsa mphepo poikhudza. Zonse ziwiri si zoona, ndipo chithunzi chosasamala chimalimbikitsa maganizo amenewa: mukangojambula mtambo pa nyanja n'kuukoka ndi muvi mpaka paphiri, mwaphunzitsa bodza popanda kunena liwu. Zoona zake n'zakuti chinyontho chili mu mpweya ngati nthunzi yosaoneka ndi maso. Mpweya ukamakwera umafika kumene mpweya wouzinga suukanikiza kwambiri, ndiye umafufuma, ndipo pofufumapo umazizira. Ukazizira mokwanira, ina mwa nthunzi ija imasanduka timadontho ta madzi, ndiwo mtambo.

Nanga chinthu chosaoneka chijambulidwe bwanji? Jambulani kabwalo kakang'ono m'tsinde mwa phiri, muikemo timadontho tabuluu tisanu ndi kamodzi totalikirana, ndipo munene poyera kuti timadonthoti tikuimira nthunzi imene maso sangaione. Pakati pa mtsetse jambulani bwalo lokulirapo, timadontho tomwe tija tisanu ndi kamodzi. Chapamwamba jambulani bwalo lalikulu kuposa onse, ndipo pamenepa timadontho tiunjikane awiriawiri kapena atatuatatu kukhala madontho ooneka. Mzere wa mtambo uzungulire madonthowo pomaliza. Chiwerengero cha timadontho chisasinthe, chifukwa m'kalasi simusowa mwana wowerenga, ndipo akapeza kuti tachuluka adzafunsa kumene madzi enawo achokera.

Chiganizo chake ndi chachifupi: "Mpweya ukamakwera umafufuma, ndipo ukafufuma umazizira." Maphatikizo 25, masekondi 6. Koma muchipatse masekondi 15. Nenani theka loyamba dzanja likujambula bwalo lachiwiri, mukhale chete bwalolo litsekeke, kenako theka lachiwiri. Apa m'pamene masekondi osungidwa aja amagwira ntchito. Liwiro la kanema lisakhale limodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto: zimene ana akuzidziwa kale, monga kuti ku Mulanje kuli phiri, mudutsepo mothamanga, ndipo zatsopano muziyende pang'onopang'ono.

Manambala akhale ochepa ndi oona. Mwa chizolowezi, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse okwera. Tsinde la phiri lili pa mamita pafupifupi 700 kuchokera pa nyanja ya mchere, nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Kusiyana kwake ndi mamita 2,300, kutanthauza madigiri oyandikira 15. Choncho ngati pa boma la Mulanje kuli madigiri 24, pamwamba pakhoza kukhala pa 9. Pa chithunzi mulembe manambala awiri okha, 24 m'munsi ndi 9 pamwamba. Masamu ake achitikire pa bolodi la choko kanema atatha. Ndipo chitsanzo chimodzi chapakhomo n'chokwanira: botolo la chakumwa chozizira lotuluka mu fuliji ya pa golosale, limene limanyowa kunja ngakhale silinabooke. Madzi amenewo achokera mu mpweya umene wazizira. Botololo lijambulidwe pakona, laling'ono, ndipo munene momveka kuti kuphiri kulibe botolo, chimene chaziziritsa mpweya ndi kukwera kuja.

Kuseri kwa phiri n'kosavuta. Muvi utsike, bwalo lichepe, timadontho titsale tiwiri tokha, ndipo mawu anene kuti mphepo yotsika imatenthera ndipo madzi ake ambiri yawasiya kumbuyo. Kumanzere mujambule tchire limodzi la tiyi, kumanja mtengo umodzi wa nandolo.

Za zolemba pa kanema, lamulo langa n'loti pasapezeke chiganizo chathunthu. Richard Mayer, katswiri amene wafufuza kwa zaka zambiri za kuphunzira kudzera m'mawu ndi zithunzi, anaonetsa kuti kulemba pa kanema mawu omwewo amene akunenedwa, chithunzi chilinso pomwepo, nthawi zambiri kumasokoneza m'malo mothandiza, chifukwa maso sangawerenge ndi kutsata chithunzi nthawi imodzi. Anaonetsanso kuti mawu ndi chithunzi chake zikabwera pamodzi munthu amamva bwino kusiyana ndi zikatsatizana. Choncho lembani mawu amodzi kapena awiri, pafupi penipeni ndi chinthu chake, ndipo pamene dzanja likulemba liwu, pakamwa pazitchula liwu lomwelo kapena pakhale chete. Popeza kuyambira Sitandade 5 ana amaphunzira m'Chingerezi, ndipo mayeso a MANEB amalembanso m'Chingerezi, ndi bwino kufotokoza m'Chichewa koma dzina lachingerezi la mvula ya mtunduwu lilembedwe kamodzi, kumapeto, mwana atamvetsa kale chinthucho.

Tsamba likatha, tepani mawu kaye, zithunzi pambuyo. Ichi n'chimene ambiri amachitembenuza: amajambula kanema wokongola, kenako n'kumathamangitsa kapena kukoka mawu kuti akwanemo, ndipo mawuwo amamveka ngati a munthu wowerenga chilengezo. Mawu a munthu akafulumizitsidwa amaonongeka, koma dzanja likafulumizitsidwa palibe amene amadandaula. Ndiye mawu ndiwo akhale muyezo. Tepani m'chipinda chokhala ndi matilesi, makatani ndi zovala, osati m'kalasi yopanda anthu imene imabweza mawu. Foni ikhale kutali ndi pakamwa ngati kutalika kwa chikhatho chotambasula, chammbali pang'ono kuti "ph" ndi "th" asamaombe maikolofoni. Ngati denga ndi lamalata, tsiku la chiperoni si lotepera. Lankhulani ngati pali mwana mmodzi patsogolo panu. Mukalakwitsa, ombani m'manja kamodzi n'kubwereza chiganizocho; mu pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity kuombako kumaoneka ngati kamzere kosongoka, ndipo malo odula sasowa. Mukamaliza, lembani pa tsamba lija sekondi imene chiganizo chilichonse chikuyambira ndi imene chikuthera. Manambala amenewa ndiwo alamule dzanja.

Kajambulidwe kake kali pawiri. Pali mapulogalamu monga VideoScribe, amene amatenga chithunzi chopangidwa kale n'kuonetsa dzanja lachithunzi likuchitsata. Pa chithunzi chilichonse mumaika masekondi a `Animate`, `Pause` ndi `Transition`, ndipo atatuwo akaphatikizidwa ayenera kufanana ndi kutalika kwa chiganizo. Ndi olipira, nthawi zambiri amafuna intaneti, ndipo m'nkhokwe yawo ya zithunzi simupezamo phiri la Mulanje. Choipa china n'chakuti dzanjalo limatsata mizere m'dongosolo limene wopanga chithunzi anaikonzera, ndiye likhoza kuyamba ndi mtambo pamene inu mumafuna kuti mtambo ubwere pomaliza. Ine ndimaona kuti kwa mphunzitsi wa kuno, dzanja lenileni, pepala ndi foni ndiyo njira yabwino.

Pepala loyera lalikulu ndi labwino kuposa bolodi lenileni, chifukwa bolodi limanyezimira. Limateni pa tebulo ndi selotepi m'makona onse anayi kuti lisasunthe. Foni iyang'ane pansi, itagona pa thabwa lodutsa pakati pa mipando iwiri, yopingasa osati yoimirira. Kuwala kuchokere kumanzere ngati mumalemba ndi dzanja lamanja, kuti mthunzi usagwere pa nsonga ya cholembera. Kuwala kwa pakhonde, pamthunzi, n'kwabwino, ngakhale kuno mitambo imasintha msanga ndipo pepala limatha kuoneka loyera pano, lotuwa apo. Mukagwiritsa ntchito babu n'kuona mizere ikuyenda pa kanema, chifukwa chake n'chakuti magetsi athu amasinthasintha ka 50 pa sekondi pamene foni ikutola zithunzi 30 pa sekondi. Ngati foni ikulola, isintheni ikhale pa 25. Musanayambe, dinani pa pepala pa sikirini ya foni osachotsa chala mpaka kuwala ndi poyang'ana zikhazikike osasinthanso, apo ayi dzanja likangolowa foni izidzasakasaka ndipo chithunzi chizidzachita mbuu. Mizere yonse muyambe mwailemba ndi pensulo mopepuka kwambiri, kuti kamera isaione koma inu muziiona. Maka akhale wakuda wonenepa, wabuluu akhale wa madzi okha. Mtundu ukapatsidwa tanthauzo usasinthenso.

Jambulani mosathamanga, chiganizo chimodzi kachidutswa kamodzi ka kanema, ndipo pakutha pa chilichonse chotsani dzanja kwa masekondi atatu kuti pakhale chithunzi choyera choimitsapo. Kufulumizitsa ndi masamu a kugawa. Ngati nyanja ndi muvi zinakutengerani masekondi 20 ndipo chiganizo chake ndi cha masekondi 5, kachidutswako kathamange ka 4. Mu pulogalamu yokonzera makanema ya CapCut mumasintha pa `Speed`. Pa kompyuta, pulogalamu ya ffmpeg imachita motere:

```
ffmpeg -i nyanja.mp4 -vf "setpts=PTS/4" -an nyanja4.mp4
```

Kugawaku ndi kumenenso kumaulula chithunzi chochulukitsa. Tinene kuti phiri munalijambula ndi miyala, mitengo ndi mathithi, ndipo linatenga masekondi 60 pa chiganizo cha masekondi 5. Mufunika kuthamangitsa ka 12, dzanja lingokhala chizimezime, ndipo phindu lonse loona mzere ukubadwa latha. Kwa ine, nambala ikapitirira 6 kapena 8, vuto si liwiro koma chithunzi, ndipo ndimabwerera kukachichepetsa. Mabwalo atatu aja, amene ndi mtima wa phunziro, asapitirire ka 2. Kumbali inanso, chojambula chikatha chiganizo chidakali pakati, musadzaze mpatawo ndi maluwa. Lolani cholembera chiloze chinthu chimene chikunenedwa.

Muike funso limodzi musanaoloke phiri: "Ana inu, mphepo imeneyi ikamatsikira ku Phalombe, mu bwalo muja mutsala timadontho tingati?" Dzanja lichoke, chithunzi chiime masekondi 5. M'kalasi ya ana ochuluka masekondi 5 sakwana, koma amapatsa mphunzitsi mpata woimitsa kanema osadula liwu pakati. Nyimbo zapansi zisakhalepo. Pa kasipika kakang'ono zimangolimbana ndi mawu.

Kanema asanafike m'kalasi, muoneni kaye mutatseka mawu, n'kuona ngati mungathe kufotokoza nkhani yonse kuchokera pa dongosolo la mizere lokha. Kenako ikani foni patali ngati mikono iwiri. Liwu limene simungaliwerenge pamenepo, mwana wa kumbuyo sadzaliona, ngakhale pa pulojekita. Mukapeza kuti mawu ndi dzanja zasemphana, dzanja litsogole pang'ono, ndi theka la sekondi, chifukwa diso limachedwa kupeza pamene cholembera chatera. Liwu likatsogola, mwana amasaka pa pepala chinthu chimene sichinabadwe. Potumiza, saizi ya kanema ya 720p ndi yokwana pa mizere yakuda pa pepala loyera. Kanema wa mphindi 4 pa megabiti imodzi pa sekondi amalemera mamegabaiti 30, ndipo kwa aphunzitsi anzanu a m'zoni ndi bwino kupatsirana pa Bluetooth kapena pa memore kadi kusiyana ndi kuwadyera bandulo.

Ana ataonera, zimitsani kanema, aliyense ajambule yekha m'kope n'kufotokozera mnzake wapafupi. Yendani m'mizere muziyang'ana chinthu chimodzi: mtambo auika pati, ndipo aujambula nthawi yanji? Ngati ambiri aujambula pa nyanja n'kuukokera kuphiri, gawo la mabwalo atatu linathamanga. Onjezani masekondi okhala chete pakati pa bwalo lachiwiri ndi lachitatu, mutepenso chiganizo chimodzi chokhacho, n'kuchepetsa liwiro la kachidutswa kake. Ngati mtambo uli pamalo pake koma mvula aigwetsa mbali zonse ziwiri, vuto lili kuseri kwa phiri, kumene tinadutsa mofulumira, ndipo muvi wotsika uja ukufunika chiganizo chake chapadera ndi nambala ya madigiri pansi pake.